Kudula chikalata cha atolankhani kukhala mauthenga asanu olumikizana

Chikalata cha atolankhani ndi nkhani imene bungwe, kampani kapena unduna umalemba wokha n'kutumiza kunyumba zoulutsira mawu. Kalembedwe kake kadakhazikika kalekale. Pamwamba pamakhala mutu, kenako malo ndi tsiku, ndiye ndime yoyamba yonyamula mfundo yaikulu. Pambuyo pake pamabwera ziwerengero, mawu a akuluakulu a bungwelo, mbiri ya nkhaniyo, ndipo kumapeto kumakhala kandime kofotokoza bungwe lenilenilo ndi munthu amene atolankhani angamufunse. Ambiri amati mwambowu udayamba mu 1906, pamene Ivy Lee adalemba chikalata m'malo mwa kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad sitima itachita ngozi ku Atlantic City, ku America. Wolandira chikalata chotere ndi mtolankhani, munthu amene ali ndi nthawi yowerenga masamba awiri ndi kusankhamo zimene akufuna.

Pa masamba a mchezo wowerenga ndi wina. Iye akungotsetsereza chala pafoni, ndipo tsambalo limaika malire pa kutalika kwa uthenga. Twitter, imene kuyambira mu Julayi 2023 imatchedwa X, idayamba mu 2006 ndi malire a zilembo 140. Chiwerengerocho chidachokera ku uthenga wa pafoni wa SMS, umene umatenga zilembo 160. Zilembo 20 zotsalazo adazisungira dzina la wotumiza. Mu Novembala 2017 malirewo adafika pa 280, ndipo mwezi wotsatira kampaniyo idaika batani la `+` lolola munthu kulemba mauthenga angapo n'kuwatumiza pamodzi, uliwonse utakoleka kwa unzake. Masamba ena ali ndi malire awoawo: Bluesky imalola zilembo 300, Threads 500, ndipo Mastodon nthawi zambiri 500. Amene amalipira pa X angathe kulemba zazitali ndithu, koma wodutsa amangoona chiyambi chokha kufikira atadina kuti aone zotsala. Choncho wolemba wofuna kuti mndandanda umodzi ukwane pamasamba onsewa amayezera pa 280.

Zimene zimawerengedwa

Malirewo amawerenga chilichonse chimene chala chadina: chilembo, nambala, chizindikiro chopumira, ngakhale mpata wa pakati pa mawu. Pa X linki iliyonse imawerengedwa ngati zilembo 23, kaya ndi yaitali kaya yaifupi, chifukwa tsambalo limaikulunga mu adiresi yakeyake ya `t.co`. Kufupikitsa linki pamalo ena musanaiike sikupulumutsa kanthu. Kachithunzi ka imoji kamadya zilembo 2. Zithunzi ndi makanema zidaleka kuwerengedwa mu 2016, ndipo uthenga umodzi ungathe kunyamula zithunzi 4. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalembera Malaŵi, chimawerengedwa ngati chimodzi basi.

Masamu ake ndi osavuta. Uthenga wokhala ndi linki umataya zilembo 23, ndi chimodzi cha mpata wa patsogolo pake. Nambala yosonyeza malo a uthengawo, monga 5/5, imadya 3 ndi mpata umodzi. Zotsala ndi 252, ndipo amenewo ndiwo malo enieni a mawu. Wolemba m'Chichewa amawamva msanga malirewa, pakuti mneni wathu amanyamula zambiri m'liwu limodzi ndipo amatalika: "aziperekedwa" ndi zilembo 12 palokha. Manambala olembedwa m'mawu ndiye amadya malo koposa. "Zikwi mazana asanu ndi atatu" ndi zilembo 28, pamene 800,000 ndi 7.

Chitsanzo cha katemera wa malungo

Pa 6 Okutobala 2021 bungwe la WHO lidatulutsa chikalata cholengeza kuti likulangiza maiko kugwiritsa ntchito katemera wa malungo wa RTS,S pakati pa ana. Chikalatacho chidali ndi zambiri. Chidati katemerayo aziperekedwa kummwera kwa chipululu cha Sahara ndi m'madera ena amene malungo ndi ofala, maulendo 4, kuyambira mwana akakwanitsa miyezi 5. Chidati langizolo lachokera pa ntchito yoyeserera ku Ghana, Kenya ndi Malawi, imene idafikira ana oposa 800,000 kuyambira mu 2019, ndi kuti malungo aakulu adatsika ndi 30%. Mudalinso mawu a mkulu wa bungwelo, a Tedros Adhanom Ghebreyesus, ndi a Matshidiso Moeti amene ankatsogolera WHO mu Africa. Mbiri ya kampani ya GSK imene idafufuza katemerayo kwa zaka 30. Maina a mabungwe amene adapereka ndalama, Gavi, Global Fund ndi Unitaid. Komanso zimene zidayenera kuchitika pambuyo pake. Mauthenga amene ali m'munsimu si amene WHO idatumiza. Alembedwa pano kuti aonetse kayendedwe ka ntchitoyo.

Ntchito imayamba ndi kuwerenga chikalata chonse mpaka pansi, cholembera chili m'manja, ndi kufunsa kuti munthu wamba akufunika kudziwa chiyani. Mayi wa mwana wa miyezi itatu akufuna kudziwa chimene chagamulidwa, ngati chikukhudza mwana wake, umboni wake, mphamvu ya katemerayo, ndi chimene chichitike tsopano. Mafunso asanu amenewo ndiwo mauthenga asanu. Maina a opereka ndalama, mbiri ya kampani ndi kandime kofotokoza bungwe zimatsalira m'chikalata, kumene wozifuna akazipeza podina linki. Kawirikawiri mkangano wa mu ofesi umabuka apa, chifukwa bungwe lililonse limene lidathandizapo limafuna dzina lake lioneke. Mndandanda umene wagonjera zimenezo umasanduka kaundula wa maina, ndipo wowerenga amausiya pa uthenga wachiwiri.

Pali njira yachidule imene imanyenga ambiri: kutenga chikalata momwe chilili n'kumachidula pa zilembo 280 zilizonse. Zotsatira zake zimadziwika ndi maso. Chiganizo chimathera pakati, uthenga wachitatu umayamba ndi "ndipo" kapena "zimenezi", ndipo mawu a munthu mmodzi amamwazikana pa mauthenga awiri. Vuto lake ndi lakuti uthenga uliwonse wa mumndandanda uli ndi adiresi yakeyake, ndipo anthu amaugawa paokha. Wina amatumizanso wachinayi wokha. Wina amaujambula pa sikirini n'kuuponya m'gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la kumudzi, kumene palibe amene adzaone woyamba kapena wachisanu. Kuno kwathu, kumene anthu a pa WhatsApp ndi Facebook ndi ochuluka kuposa a pa X, umu ndi mmene uthenga wotere umafikira anthu ambiri. Lamulo lalikulu la ntchito yonseyi limachokera pamenepa: uthenga uliwonse ukhale woona ndi womveka ngakhale utayenda wokha.

Uthenga woyamba

Woyamba ndiwo umaonekera kwa anthu ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo sapitirira pamenepo. Choncho uyenera kunyamula nkhani yonse mwachidule, osati kungokopa ndi mawu onga "nkhani yabwino, werengani pansipa".

> Lero, 6 Okutobala 2021, bungwe la WHO lalangiza kuti katemera wa malungo wa RTS,S aziperekedwa kwa ana m'madera amene malungo ndi ofala, makamaka kummwera kwa chipululu cha Sahara. Katemerayu ndi wowonjezera pa masikito ndi mankhwala, sakulowa m'malo mwake. 1/5

Uthengawu uli ndi zilembo 261. Mkonzi angathe kudandaula, ndipo sangalakwe, kuti si aliyense amene amadziwa tanthauzo la WHO. Kuika "bungwe loona zaumoyo padziko lonse" m'malo mwa "bungwe la WHO" kumawonjezera zilembo 21, ndiye uthengawo umafika pa 282. Wapyola ndi ziwiri, kachizindikiro kowerengera kafiira, ndipo batani lotumizira lakana kugwira ntchito. Apa m'pamene dzanja limathamangira ku chiganizo chomaliza, chija chonena za masikito ndi mankhwala, chifukwa chimaoneka ngati chongowonjezera. Koma chiganizocho ndicho chimaletsa kholo kuganiza kuti mwana wobayidwa katemera angagone popanda masikito. Pofunika kudula ndi pena. Kuchotsa "Lero," n'kuyamba ndi "Pa 6 Okutobala" kumapulumutsa zilembo 3, uthengawo n'kukhala 279. Pali phindu linanso, poti liwu lakuti "lero" limanama mawa lake lomwe, pamene tsiku lolembedwa m'manambala limakhalabe loona. Mu Okutobala 2023 WHO idalangizanso katemera wachiwiri wa malungo, R21, ndipo uthenga wa 2021 wopanda tsiku ukadazunguliranso nthawi imeneyo ukadasokoneza anthu.

Mneni wa mu uthenga woyamba amafunika kumusankha mosamala kuposa liwu lina lililonse. WHO idalangiza. Sidalamule dziko lililonse, ndipo sidanene kuti katemerayo wafika kale m'zipatala. Mawu onga "katemera wa malungo wafika" ndi aafupi ndipo amakoma m'khutu, koma akadatumiza makolo a m'maiko ambiri kukaima pamzere wa chinthu chimene kudalibe.

Mauthenga a pakati

Wachiwiri umayankha funso la kholo.

> Katemera wa malungo wa RTS,S aziperekedwa maulendo 4, kuyambira pamene mwana wakwanitsa miyezi 5. Cholinga chake ndi kuchepetsa kudwala malungo pakati pa ana. 2/5

Dzina la katemerayo labwerezedwa lonse, ngakhale lidatchulidwa kale mu uthenga woyamba. M'nkhani ya m'nyuzipepala kubwereza kotere kungaoneke ngati ulesi, ndipo mkonzi angaike "katemerayu". Mumndandanda kubwerezako n'kofunika, chifukwa "katemerayu" wa mu uthenga woyenda wokha angakhale wa chikuku, wa kolera kapena wa poliyo.

Malo otsala mu uthengawu ndi ambiri, ndipo amakopa wolemba kuti awonjezere malangizo ake, monga zaka zimene mwana amalandira katemera womaliza kapena kumene makolo angapite. Ngati chikalata sichidanene zimenezo, mndandanda usanene. Chikalata chidadutsa m'manja mwa akatswiri ndi akuluakulu chisanatuluke, pamene chowonjezera cha wolemba mauthenga sichidaonedwe ndi aliyense, koma chidzawerengedwa ngati mawu a bungwe. Uthenga sufunika kudzaza zilembo 280 zonse.

> Langizo la WHO lachokera pa zimene zaoneka ku Ghana, Kenya ndi Malawi, kumene ana oposa 800,000 alandira katemera wa malungo wa RTS,S kuyambira mu 2019. 3/5

Wachitatuwu uli ndi zilembo 156 zokha. Chikalata chidatchulanso kuti katemerayo adaperekedwa maulendo oposa 2.3 miliyoni. Ziwerengero ziwirizi sizikutsutsana, poti mwana mmodzi amabayidwa kangapo, koma zikakhala pamodzi m'malo opanikizika wowerenga wothamanga amazisakaniza n'kuyamba kunena kuti ana 2.3 miliyoni adalandira katemera. Chiwerengero chimodzi pa uthenga umodzi chimakwanira, ndipo chosankhidwa chikhale chimene munthu angachione m'maganizo mwake. Ana amaoneka m'maganizo msanga kusiyana ndi majekeseni. Liwu lakuti "oposa" lisachotsedwe, ngakhale malo atachepa chotani.

Uthenga wachinayi ndiwo wovuta kwambiri, chifukwa uli ndi chiwerengero chimene anthu adzachigawa koposa.

> Ku Ghana, Kenya ndi Malawi, katemera wa RTS,S wachepetsa malungo aakulu, amene amapha, ndi 30% pakati pa ana. Izi zaoneka ngakhale m'madera amene anthu ambiri amagona m'masikito ndipo amayezetsa ndi kulandira mankhwala mosavuta. 4/5

Kulemba kuti "katemera wachepetsa malungo ndi 30%" kungapulumutse malo, koma kwasintha nkhani. Chiwerengerocho chinkanena za malungo aakulu, aja amagoneka mwana m'chipatala, osati malungo onse. Kuchotsa maina a maiko atatuwo kungachititse munthu kuganiza kuti zimenezi zaoneka mu Africa yense. Njira yoyesera uthenga wa chiwerengero ndi kuufunsa mafunso atatu: 30% ya chiyani, pakati pa yani, ndipo kuti? Uthenga umene sungayankhe limodzi la mafunsowa wadulidwa mopyola muyeso, ndipo ndi bwino kuugawa pawiri kusiyana ndi kuutumiza wopunduka.

Mawu a akuluakulu

M'chikalata chilichonse mumakhala mawu a mkulu wa bungwe, ndipo mu ofesi mumakhala chiyembekezo chakuti alowe mumndandanda. Nthawi zambiri mawuwo amanena za kufunika kwa nkhaniyo, osati nkhani yeniyeniyo, ndiye angathe kutsala popanda wowerenga kutaya kanthu. Akafunika kulowa, pali zoyenera kusamala ziwiri. Mawu amene ali m'zizindikiro zogwira mawu sasinthidwa; wolemba angatenge chiganizo chimodzi chathunthu, koma sangachifupikitse mwakachetechete n'kusiyabe zizindikirozo. Ndipo mawu amene amasuliridwa kuchokera m'chinenero china ndi bwino kuwalemba mofotokoza, ndi "adati" kapena "akuti". A Tedros, mwachitsanzo, adanena kuti kugwiritsa ntchito katemerayu pamwamba pa njira zimene zilipo kale kungathe kupulumutsa miyoyo ya ana zikwi makumimakumi chaka chilichonse. M'chiganizo chimenecho muli zomangira ziwiri, "pamwamba pa njira zimene zilipo kale" ndi "kungathe". Wofupikitsa amene walemba kuti katemerayu apulumutsa ana zikwi makumimakumi waika m'kamwa mwa mkuluyo lonjezo limene sadapereke.

Ena amathawa malire poika mawu aataliwo pa chithunzi. Njirayi imagwira ntchito, popeza chithunzi sichiwerengedwa, koma ili ndi mtengo wake. Munthu wosaona amene foni imamuwerengera mawu samva zolembedwa pa chithunzi, pokhapokha wotumiza atazilembanso m'bokosi la `ALT`, limene pa X limatenga zilembo 1,000. Wa bando yochepa amene adatseka zithunzi pafoni yake sadzaonanso kanthu. Mfundo yofunika ikhale m'mawu a uthengawo, chithunzi chingothandizira.

Uthenga womaliza ndi linki

> Chotsatira: mabungwe othandiza pa zaumoyo aganizire za ndalama zogulira katemera wa malungo wa RTS,S, ndipo dziko lililonse lisankhe ngati limuika m'dongosolo lake lolimbana ndi malungo. Chikalata chonse cha WHO:

Pambuyo pa mawuwa pamabwera linki ya chikalata ndi nambala ya 5/5, zonse pamodzi n'kukwana zilembo 240. Uthengawu ndiwo umauza wowerenga kuti nkhaniyo sidathe, ndi kuti pakati pa langizo ndi jekeseni wa kuchipatala cha kwawo padakali ndalama ndi chigamulo cha boma lake. Pa malo a linki olemba amasiyana maganizo. Kuiika kumapeto kumasiyira uthenga woyamba malo ake onse. Kuiika koyambirira kumathandiza mtolankhani ndi aliyense amene sadzafika pansi. Uthenga woyamba wa m'chitsanzochi ulibe malo a zilembo 24, choncho linki yapita kumapeto. Nkhani ikakhala yofuna kuti anthu achitepo kanthu msanga, monga kulembetsa maina tsiku lisanadutse, linkiyo iyenera kukhala pamwamba ngakhale zitatanthauza kudula mawu ena.

Manambala a 1/5 mpaka 5/5 amaoneka ngati kanthu kakang'ono, koma amagwira ntchito ziwiri. Amauza woyamba kuwerenga kutalika kwa ulendo, ndipo amauza wolandira chithunzi cha uthenga wachinayi kuti pali ena anayi amene sadawaone. Ma hashitagi, aja mawu oyamba ndi chizindikiro cha `#`, amadya malo ngati mawu ena onse, ndipo imodzi mu uthenga woyamba imakwanira. Pali msampha wina umene umagwira olemba Chichewa: hashitagi imathera pamene pali chizindikiro chodulira mawu. Wolemba `#ng'ombe` amapeza kuti tsambalo latenga `#ng` yokha, ndipo `#m'mudzi` imasanduka `#m`.

Kuyesa ndi kutumiza

Mauthengawo amalembedwa kaye pamalo ena, osati m'bokosi lotumizira, kuti amene adavomereza chikalata awaonenso. Kuyesa kwabwino ndi kupatsa munthu amene sadawerenge chikalatacho uthenga umodzi wokha wa pakati, n'kumufunsa kuti wamva chiyani. Akafunsa kuti "katemera wake uti?" kapena "zachitika liti?", uthengawo ukudalirabe anzake. Kenako nambala iliyonse, dzina lililonse ndi tsiku lililonse zimayerekezedwa ndi chikalata, chala chili pa mzere. Ngati chikalata chili ndi nthawi yoletsa kufalitsa isanakwane, mndandanda nawo umadikira nthawi yomweyo, ndipo linki imayesedwa kaye kuti ikutsegukadi, poti nthawi zina tsamba la chikalata limachedwa kuonekera.

Potumiza, mauthenga onse amaikidwa ndi batani la `+` n'kutumizidwa nthawi imodzi podina `Post all`. Wotumiza umodziumodzi ayenera kuyankha uthenga wake womaliza nthawi zonse. Akalakwitsa n'kumayankha woyamba, mauthengawo salumikizana motsatana, ndipo owerenga ena amaona wachinayi wachitatu usanaoneke.

Cholakwa chikapezeka mndandanda utatuluka kale, njira zokonzera ndi zochepa. Pa X kusintha uthenga wotumizidwa kumaloledwa kwa olipira okha, ndiponso kwa kanthawi kochepa. Kufufuta uthenga wa pakati kumasiya mpata mumndandanda, ndipo sikufufuta zithunzi zimene anthu adajambula kale. Cholakwa cha kalembedwe chabe chingathe kusiyidwa. Cholakwa cha nambala, tsiku kapena tanthauzo chimafuna uthenga watsopano wonena poyera chimene chidalakwika ndi chimene chili choona, wolumikizidwa pa wolakwikawo. Nkhani ikakhala ya umoyo kapena ya ndalama za anthu, ndipo cholakwacho chingavulaze munthu, uthenga wolakwikawo umachotsedwa, mndandanda wonse n'kutumizidwanso ndi mawu osonyeza kuti wakonzedwa ndi tsiku limene wakonzedwera.